Tchati Chouza Mmisiri Kuchuluka kwa Chitsulo Chimene Chalimba

Mtovu pawokha umasungunuka pa madigiri 327, tini pa 232. Koma mukasakaniza magawo 62 a tini ndi 38 a mtovu, chitsulocho chimasungunuka pa 183 basi. N'chifukwa chake waya wowotcherera mawailesi ndi mafoni umakhala ndi tini pafupifupi magawo 60 pa 100. Msakanizo wina, monga wa tini 30 ndi mtovu 70, sulimba kamodzin'kamodzi. Ukamazizira umayamba wakhala phala, timibulu tolimba tili m'kati mwa chitsulo chamadzimadzi.

Akatswiri a zitsulo ali ndi tchati chosonyeza zonsezi. M'munsi mwake, kuchoka kumanzere kupita kumanja, muli kuchuluka kwa tini, kuyambira 0 mpaka 100. Chokwera m'mwamba ndi kutentha. Mizere iwiri yokhota imagawa tchaticho: pamwamba pa mzere wapamwamba zonse n'zamadzi, pansi pa mzere winawo zonse zalimba, ndipo pakati pake ndi pamene pali phala lija.

Titenge msakanizo wa tini 30 pa madigiri 184. Ikani kadontho pamene 30 wakumana ndi 184, kenako jambulani mzere wopingasa wodutsa pa kadonthoko mpaka ugunde malire a mbali zonse ziwiri. Kumanzere ugunda pafupi ndi 18, kutanthauza kuti timibulu tolimba tili ndi tini magawo 18 okha. Kumanja ugunda pa 62, yemwe ndi tini wa m'chitsulo chamadzicho.

Nanga cholimba n'chochuluka bwanji? Anthu awiri akanyamula thumba lolenjekeka pamtengo, amene thumba lamuyandikira ndiye amalemedwa. Kadontho kathu kayandikira 18, choncho cholimba ndicho chachuluka. Powerengera, tengani mtunda wa mbali yakutali ndi cholimbacho, muugawe ndi mzere wonse: (62 − 30) ÷ (62 − 18) = 32 ÷ 44, zomwe ndi magawo 73 pa 100. Chamadzi ndi 27 otsalawo. Pa kilogalamu imodzi, magalamu pafupifupi 730 alimba kale.

Apa m'pamene ophunzira ambiri amaphonya, amatenga mtunda wapafupi n'kupeza 27 m'malo mwa 73. Kudziyesa n'kosavuta. Chulukitsani 0.73 ndi 18, komanso 0.27 ndi 62, muphatikize. Yankho liyenera kubwerera pa 30, tini amene munayamba naye. Mukatembenuza manambalawo mupeza 50, ndipo mudziwiratu kuti zalakwika.

Lamuloli limagwira pokhapo pamene pali magawo awiri pamodzi, ndipo limapereka kulemera, osati kukula kwa malo amene gawo latenga. Tchaticho chimanenanso za chitsulo chozizira pang'onopang'ono. Chikazizira mofulumira, m'kati mwa kambulu mumasiyana ndi kunja kwake, ndipo manambala sagwirizana ndendende.

Yesani nokha ndi waya wa tini 60 pa madigiri omwewo. Mupeza kuti cholimba sichikwana n'komwe magawo 5 pa 100.