Malikisi onse salemera mofanana

Mwana wa mchemwali wanga anandiimbira foni usiku, mawu akunjenjemera. "Amalume, andilakwitsira magiredi. Ine ndawerengera ndapeza 60, koma iwo alemba 48." Ali chaka choyamba ku koleji, ndipo phunziro limeneli munthu amakhoza akafika 50. Ndinamuuza kuti atenge pepala lomwe aphunzitsi anawapatsa sabata yoyamba ya semesita, lija lofotokoza za phunzirolo. Analipeza pansi pa chikwama, litakwinyika.

Papepalapo panalembedwa kuti ntchito za m'kati mwa semesita zimatenga 20 peresenti ya giredi yomaliza, mayeso a pakati pa semesita 20 peresenti, ndipo mayeso omaliza 60 peresenti. Iye anapeza 80 pa ntchito, 70 pa mayeso a pakati, ndi 30 pa omaliza. Anaphatikiza zitatuzi n'kupeza 180, anagawa ndi 3, basi 60 uja n'kutuluka. Masamu ake anali olondola, koma amayankha funso lina. Kugawa ndi 3 kukutanthauza kuti zigawo zitatuzo n'zolemera chimodzimodzi, pamene mayeso omalizawo paokha amalemera katatu kuposa chilichonse cha zinazo.

Njira yabwino ndi kuona giredi yomaliza ngati malikisi 100 omwe agawidwa m'madengu atatu: limodzi lolowa 20, lina 20, lalikulu 60. Funso ndi lakuti dengu lililonse mwalidzaza kufika pati. Wopeza 80 peresenti pa ntchito wadzaza magawo 80 mwa 100 a dengu la 20 lija, ndiye timachulukitsa 80 ndi 20 n'kugawa ndi 100. Yankho ndi 16. Mayeso a pakati, 70 kuchulukitsa ndi 20 n'kugawa ndi 100, akupereka 14. Omaliza aja, 30 kuchulukitsa ndi 60 n'kugawa ndi 100, akupereka 18 yekha. Tikaphatikiza 16, 14 ndi 18 tikupeza 48. Aphunzitsi sanalakwitse.

Pali msampha wina womwe umakola ngakhale anthu odziwa masamu. Mapepala sabwera nthawi zonse ali pa 100. Mayeso a pakati a mtsikanayu anachongedwa pa 30, ndipo anapeza 21. Wina akhoza kungotenga 21 ameneyo n'kumuphatikiza ku giredi yomaliza. Chizindikiro choti zasokonekera chili pomwepo: dengu lolowa 20 silingalowe 21. Choyenera ndi kugawa 21 ndi 30, kenaka kuchulukitsa ndi 20, ndipo 14 yemwe uja amatulukanso. Musanakhulupirire yankho lililonse, onaninso kuti maperesenti a zigawo zonse akukwana 100, komanso kuti giredi yomwe mwapeza ili pakati pa malikisi anu otsikitsitsa ndi okwereretsa. Apa 48 ali pakati pa 30 ndi 80, ndipo wapendekera ku 30 chifukwa ndiko kuli dengu lalikulu.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti masamu omwewa akanamuthandiza asanalowe m'chipinda cha mayeso. Pofika sabata yomaliza ya maphunziro anali kale ndi 30 m'manja, kuchokera pa 16 ndi 14. Kuti afike 50 ankafunika 20 mwa 60 otsalawo. Tikagawa 20 ndi 60 n'kuchulukitsa ndi 100 tipeza 33.3, choncho 34 peresenti pa mayeso omaliza ikanamupatsa 20.4, zonse pamodzi 50.4. Anaperewera ndi malikisi anayi okha, mwina kafunso kamodzi komwe anakasiya osayankha. Iye anandiuza kuti ankadziona ngati wakhoza kale chifukwa cha 80 ndi 70 uja, ndiye masiku owerenga anawathera pa maphunziro ena.

Nanga akanapeza 33? Imeneyo ikupereka 19.8, zonse pamodzi 49.8, ndipo apa masamu amatha, malamulo a sukulu n'kuyamba. Kwina amakweza kukhala 50, kwina ayi. Kulinso masukulu omwe amafuna kuti wophunzira afike malikisi enaake pa mayeso omaliza paokha, kaya zigawo zinazo anakhoza bwanji. Kumeneko 34 uja sangakupulumutseni. Zimenezi zimalembedwa m'buku la malamulo a maphunziro kapena papepala la phunziro lija, ndipo nkoyenera kuziwerenga semesita ikungoyamba.

Tisanadule foni ndinamupempha kuti atulutse mapepala a maphunziro ena onse. Limodzi linali logawidwa 30, 20 ndi 50, lina 40 ndi 60 popanda mayeso a pakati. Tinawerengera limodzilimodzi mpaka mayunitsi anamuthera.