Fayilo Siyankhula Yokha

Ntchito yambiri ya muofesi masiku ano imayenda pa imelo ndi pa WhatsApp, ndipo kawirikawiri fayilo imanyamuka ndi mawu awiri okha: "Onani izi." Wotumiza amadziwa zimene akufuna poti watha masiku atatu ali pa ntchitoyo, koma wolandira amangoona chikalata chimene sichikumuuza kanthu. Mtsogoleri wa gulu akamalembera antchito ake kalata pa nkhaniyi, cholinga chake chimakhala chimodzi: wolandira fayilo athe kuyamba ntchito nthawi yomweyo osaimbanso foni kuti afunse.

Choyamba chimene kalata yotere imanena ndi chakuti uthenga utchule chochita. Mawu oti "onani" angatanthauze kuwerenga chabe, kukonza zolakwika, kusayina kapena kusindikiza. Ngakhale mawu oti "konzani" ali ndi vuto lake. Wina adzakonza kalembedwe ka mawu kokha, wina adzasintha ziganizo zonse mpaka manambala amene akuluakulu anavomereza kale. Choncho uthenga wabwino umanena malire, monga kuti akonze kalembedwe kokha pa masamba 3 mpaka 9 ndipo tebulo la ndalama asalikhudze. Ngati mwini chikalata akufuna kuona chilichonse chimene chasinthidwa, anene kuti wokonzayo ayatse Track Changes mu Word asanayambe, chifukwa akakumbukira atamaliza, zosinthazo sizionekanso.

Dzina la fayilo nalo ndi gawo la malangizo. Maofesi ambiri ali ndi mafayilo atatu kapena anayi otchedwa "yomaliza", ndipo palibe amene akudziwa yomaliza yeniyeni. Njira yodalirika ndi yoyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenaka dzina la ntchito ndi nambala yosonyeza kuti yakonzedwa kangati:

```
2025-04-03_kabuku-ka-alimi_v3.pdf
```

Mayina otere akasanjidwa pa kompyuta amatsatana okha malinga ndi masiku, ndipo wotumiza angathe kunena kuti v3 yalowa m'malo mwa v2, yakaleyo ifufutidwe.

Za nthawi n'zachidule. "Msanga" si nthawi, ndipo "mawa" amasokoneza munthu amene watsegula uthenga tsiku lotsatira. Nayonso deti yolembedwa 03/04 kuno imawerengedwa 3 Epulo pomwe ku America ndi 4 Malichi. Tsiku, dzina la mwezi ndi ola zilembedwe zonse. Ngati wolandira ali ku Britain, uthenga unene kuti ndi nthawi ya kuti, pakuti kumeneko amatsalira ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira ndi ola limodzi m'nyengo yotentha.

Kulemera kwa zonsezi kumaonekera bwino pa ntchito yosindikiza, chifukwa kumeneko cholakwika chimadya pepala ndi inki zimene sizibwerera. Chitsanzo ndi cha ofesi imene yalemba kabuku ka masamba 18 kophunzitsira alimi, ndipo ikufuna timabuku 200. Kalaliki akangotumiza fayilo ya Word n'kulemba kuti "tisindikizireni 200", wosindikiza amatsala ndi mafunso ambiri. Sakudziwa ngati 200 ndi timabuku kapena mapepala, ngati kukula kwake ndi A4 kapena A5, ngati asindikize mbali zonse ziwiri, ndiponso ngati zithunzi zikhale zamitundu. Akaganiza yekha n'kusindikiza mbali imodzi pa A4, adzatha mapepala 3,600, omwe ndi marimu asanu ndi awiri ndi mapepala 100 pamwamba, koma chotuluka chidzakhala mulu wa mapepala, osati kabuku.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa. Kabuku kopinda pakati n'kumenya waya kamapangidwa ndi mapepala a A4, ndipo pepala lililonse likapindidwa limapereka masamba anayi a A5. Motero chiwerengero cha masamba chiyenera kugawika ndi 4 popanda chotsala. Masamba 18 sagawika, ndiye kabukuko kadzakhala ka masamba 20, awiri opanda kanthu. Woyenera kusankha malo a masamba awiriwo ndi mwini ntchito. Akapanda kunena, onse angathe kupita kumapeto, n'kupezeka kuti chikuto chakumbuyo chalowa m'kati. Uthenga womveka ungalembedwe motere:

"Bambo, mwadzuka bwanji? Ndakutumizirani fayilo imodzi ya PDF, dzina lake lothera ndi v3. Chonde mutisindikizire timabuku 200 ta A5, mbali zonse ziwiri, topinda pakati ndi mawaya awiri. Masamba alipo 20 kuphatikiza chikuto. Tsamba 2 ndi 19 ndi opanda kanthu, tachita dala. Chikuto chikhale chamitundu pa pepala lolimba, m'kati inki yakuda pa pepala la magalamu 80. Muyambe mwasindikiza kamodzi kuti tidzaone Lachitatu pa 9 Epulo, 10 koloko m'mawa. Totsalato mudikire kaye mpaka titavomereza."

Uthengawu ndi waufupi, ulemu ulimo, ndipo wosindikiza angathe kuwerengera mtengo pomwepo. Kabuku kalikonse kadya mapepala asanu, anayi a m'kati ndi limodzi la chikuto, kutanthauza mapepala wamba 800 ndi olimba 200. Mawu oti "tachita dala" ndi ofunika kwambiri, chifukwa munthu wakhama akaona tsamba lopanda kanthu amayesa kulakwitsa n'kulichotsa, ndipo masamba onse otsatira amasuntha.

Kusankha PDF kulinso ndi chifukwa chake. Fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta imene ilibe mtundu wa zilembo umene wolemba anagwiritsa ntchito, kompyutayo imaikapo mtundu wina, mizere imasuntha, ndipo masamba 20 angathe kukhala 21. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalemba m'dzina la Malaŵi, nthawi zina chimasanduka kabokosi. PDF imasunga tsamba mmene linalili. Lamulo lake n'lakuti chimene chikukakonzedwa chipite mu Word, chimene chatha chipite mu PDF.

Zithunzi zimavuta mwa njira ina. WhatsApp imachepetsa chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse kuti chisadye bandulo, ndipo pa foni chimaoneka bwinobwino, koma pa pepala chimatuluka chosaoneka bwino. Kuti chidzaze tsamba la A5 mooneka bwino, chithunzi chimafunika madontho pafupifupi 1,750 m'lifupi ndi 2,480 m'litali. Chikatumizidwa posankha Document, chimafika chathunthu. Pa Gmail, zotumiza zikapitirira 25 MB zimapita ngati linki ya Google Drive, ndipo wotumiza atsimikize kuti wolandira wapatsidwa chilolezo chotsegula, apo ayi mnzakeyo adzatha m'mawa wonse akudikira.

Atsogoleri ambiri amaletsanso kupereka malangizo a manambala kudzera mu uthenga wa mawu. Wolandira sangaufufuze ngati mmene amachitira ndi zolembedwa, ndipo pa phokoso la makina "fifitini" ndi "fifite" zimamveka zofanana. Zimene anthu agwirizana pa foni zilembedwenso mwachidule n'kutumizidwa pamodzi ndi fayiloyo.

Mbali yotsiriza ya kalatayo imakhudza wolandira. Kuyankha kuti "ndalandira" kumangosonyeza kuti uthenga wafika, osati kuti wamveka. Iye atsegule fayilo, aone ngati masamba akukwana, kenaka abwereze ntchitoyo m'mawu ake: timabuku 200 ta A5, masamba 20, kamodzi koyamba Lachitatu. Akabwereza mosiyana ndi zimene wotumiza amafuna, kusamvanako kumagwidwa makina asanayake. Ngati wabwera ndi funso, wotumiza ayankhe mu uthenga womwewo umene uli ndi fayilo, kuti amene adzagwire ntchitoyo mnzake akadwala kapena akapita kutchuthi adzapeze zonse pamalo amodzi.