Ngongole yofufutidwa ikabwezedwa, ilembedwe pati?

Kumunsi kwa Neno, m'madera monga Midzemba, golosale zambiri zili ndi kope la ngongole. Kasitomala amatenga sopo, shuga ndi mafuta ophikira n'kunena kuti, "Ndilembeni m'kope, ndikagulitsa mbuzi ndidzabweza." Ambiri amabwezadi, koma ena amasowa. Pa ngongole za osowawa pali zikhulupiriro zitatu zomwe zimasokoneza mabuku a bizinesi.

Tiyerekeze motere. Mu Marichi kasitomala watenga katundu wa K60,000 pangongole, kenako wapita ku Joni ndipo foni yake sikupezekanso. Pofika Disembala, potseka mabuku a chaka, mwini golosale wataya chiyembekezo.

Ambiri amati kufufuta ngongole m'buku ndi kukhululukira wokongola, ndiye amaisiya m'kope chaka ndi chaka. Nkhawa yawo ndi yomveka, koma kufufuta ndi nkhani ya pakati pa inu ndi buku lanu basi. Wokongola adakali ndi ngongole, ndipo mukakumana naye pa Zalewa muli ndi ufulu womukumbutsa. Chomwe mwachita ndi kusiya kuwerengera K60,000 ija ngati chuma cha bizinesi. Mu Marichi ndalamayo inalowa kale pa zogulitsa ndipo inakweza phindu, chonsecho m'thumba simunalowe kanthu. Choncho mu Disembala mumalemba K60,000 kumanzere, kapena kuti debiti, pa akaunti ya ngongole zotayika, ndi K60,000 kumanja, kirediti, pa tsamba la kasitomalayo. Tsamba lake latsekeka, ndipo phindu lomwe likanaoneka ngati K500,000 latsika kufika pa K440,000, lomwe ndi lenileni. Tsambalo musaling'ambe. Lembanipo tsiku ndi chifukwa chomwe mwafufutira.

Tsopano mu Juni chaka chotsatira foni yalira: kasitomala uja watumiza K40,000. Apa mpamene chikhulupiriro chachiwiri chimalowa. Ena amati ndalamayi ndi yotola, ipite m'thumba poti buku linaiiwala kale. Ena amaiphatikiza ndi zogulitsa za tsikulo. Zonse ziwiri zimanamiza buku. Mukaika m'thumba, ndiye kuti bizinesi inasenza kutayika koma kubwezedwako sinakuone. Mukailemba pa zogulitsa, mwagulitsa katundu mmodzi kawiri, ndipo mudzazindikira powerenga katundu: malonda akuoneka kuti akwera ndi K40,000 pamene pa shelefu sipanachoke ngakhale paketi imodzi ya shuga.

Njira yoyenera ili ndi masitepe awiri. Choyamba dzutsani ngongoleyo: K40,000 kumanzere pa tsamba la kasitomala, K40,000 kumanja pa akaunti yatsopano ya ngongole zotayika zomwe zabwezedwa. Chachiwiri landirani ndalamayo monga mwa masiku onse: K40,000 kumanzere pa akaunti ya ndalama za pafoni, K40,000 kumanja pa tsamba la kasitomala. Mukadumpha sitepe yoyamba, tsamba lomwe linali lotseka lidzalemera kumanja, n'kumaoneka ngati golosale ndi imene ili ndi ngongole ya K40,000 kwa kasitomala. Ena amadutsa chidule, osakhudza tsamba la kasitomala n'komwe. Masamu ake amakwana, koma tsambalo limapitiriza kumuonetsa ngati munthu amene sanabwezepo, ndipo akadzabwera kudzapemphanso katundu mudzamuweruza molakwika.

Nanga K20,000 yotsalayo? Musafulumire kuidzutsa. Lonjezo la pafoni si ndalama. Ilembeni m'mphepete mwa tsamba ngati chikumbutso, ndipo ikadzabwera mudzabwereza masitepe awiri omwewa.

Chikhulupiriro chachitatu n'chakuti kubwera kwa ndalamayi kukusonyeza kuti kufufuta kuja kunali kolakwika, choncho buku la chaka chatha likonzedwe. Ayi. Mu Disembala munaweruza ndi zomwe munkadziwa nthawi imeneyo, ndipo munaweruza bwino. Chaka chathacho chikhale ndi phindu lake la K440,000. K40,000 ija ndi ya chaka chomwe yafikira, ndipo imalembedwa pa mzere wakewake pansi pa phindu la malonda, kuti isakunamizeni kuti katundu akuyenda kuposa kale. Zikanakhala kuti ndalama yabwera chaka chomwecho musanatseke mabuku, mukanatha kungochepetsa akaunti ya ngongole zotayika kuchoka pa K60,000 kufika pa K20,000.

Amene amalipira msonkho wa phindu ku bungwe la MRA asaiwale mbali iyi: ngati ngongole yotayikayo inachepetsa phindu lomwe munalipirira msonkho, ndalama yobwezedwayo iyenera kuwerengedwa pa phindu la chaka chino. N'chifukwa chake uthenga wa pafoni wosonyeza ndalamayo musaufufute. Koperani nambala yake pa tsamba la kasitomala, mumulembere lisiti, ndipo pa lisitipo muonetse kuti K20,000 idakalipo.