Kuwonjezera munthu pa chithunzi: chomwe chimaulula chinsinsi ndi kusalala

M'masitudiyo a zithunzi muli ntchito ina yomwe imabwera kawirikawiri. Banja limabweretsa chithunzi cha ukwati, n'kunena kuti azakhali anali ku Joni tsikulo, kapena agogo anali atagonekedwa m'chipatala, ndiye awaikepo. Wodziwa kompyuta amadula azakhaliwo pa chithunzi china, n'kuwaimika pambali pa mkwatibwi. Msinkhu wagwirizana, mtundu wa khungu wagwirizana, ngakhale mthunzi wa kumapazi waikidwa. Koma aliyense woona chithunzicho amangoti, "Awa achita kuwamata." Mukamufunsa chomwe waona, sangathe kuloza.

Chomwe diso laona ndi chakuti azakhaliwo ndi osalala komanso akuthwa kuposa ena onse. Ali ngati chigamba cha nsalu yatsopano pa chitenje chomwe chachapidwa zaka zitatu: maluwa ndi omwewo, koma ulusi ukusiyana.

Chithunzi chilichonse chili ndi timadontho tosaoneka patali, tomwe ojambula amati noizi. Kamera ikamajambula pamalo a mdima, monga mu holo madzulo, kuwala kofika mkati mwake kumakhala kochepa. Wojambula amakweza nambala yotchedwa ISO, tinene kuchoka pa 100 kufika pa 3200, kuti kamera ikulitse kuwala kochepako. Pokulitsa kuwalako imakulitsanso zolakwika zing'onozing'ono za muyeso wake, ndipo zimenezi zimaoneka ngati timadontho tobalalika. Tilipo ta mitundu iwiri. Tina timangosiyana kuwala, kena kowala pang'ono, kena koderako. Tina ndi ta mitundu, tofiirira ndi tobiriwira, ndipo timakonda kukhala m'malo amdima monga pa suti yakuda. Zithunzi zakale za filimu zili ndi take, totchedwa gireni, tochokera ku tinthu ta siliva ta mu filimumo. Timeneti timaoneka mosiyana ndi noizi ya kamera zamakono, ndipo tibwererako.

Tsono titenge nkhani ya azakhali ija mwatsatanetsatane. Chithunzi cha ukwati chinajambulidwa ndi kamera mu holo, pa ISO 3200. Cha azakhali chinajambulidwa ndi foni masana panja, kuwala kuli mbee. Foni ya masiku ano simangojambula basi. Imasalaza khungu, imachotsa noizi, kenako imanola m'mbali mwa zinthu kuti zioneke zakuthwa. Mukachikulitsa pa kompyuta mumaona kamzere kowala kozungulira phewa kapena duku, chizindikiro cha kunola kumeneku.

Palinso chinthu chomwe ambiri sachiganizira. Pa chithunzi cha foni azakhali ali okha, nkhope yawo ndi yaikulu, tinene mapikiseli 900 kutalika kwake. Pa chithunzi cha gulu nkhope za anthu ndi mapikiseli 300. Ndiye azakhali ayenera kuchepetsedwa katatu. Pochepetsa motero, kompyuta imaphatikiza mapikiseli pafupifupi 9 kukhala imodzi, ndipo noizi yochepa yomwe inalipo imasungunuka, chithunzi n'kuoneka chakuthwa kuposa kale. Kuchepetsako pakokha kwakulitsa vuto. N'chifukwa chake ntchito ya noizi ndi kuthwa imachitika munthu atamaliza kukonza kukula, malo ndi mtundu. Mukayamba ndi noizi kenako n'kusintha kukula, timadontho tanu tisintha msinkhu ndipo ntchito yonse yawonongeka.

Lamulo lalikulu ndi lowawa kwa munthu wokonda zinthu zooneka bwino: chabwino chiyenera kutsika kuti chifanane ndi chinzake. Chakuthwa mungachifewetse. Chosaoneka bwino simungachibwezere tsitsi, nsidze ndi ulusi wa malaya zomwe kamera sinagwire. Ndiye azakhali ndi amene atsike.

Choyamba ndi kuthwa, ndipo musayerekeze ndi maso patali. Kulitsani chithunzi kufika pa 400% ndipo pezani munthu amene waima mzere umodzi ndi pomwe mwaika azakhali. Mzerewo ndi wofunika, chifukwa kamera imaona bwino pa mtunda umodzi, ndipo oima kumbuyo amakhala ofewerako kusiyana ndi a kutsogolo. Yang'anani pomwe kolala yoyera yakumana ndi jekete lakuda, n'kuwerenga mapikiseli omwe ali pakati, osayera komanso osada. Tinene mwapeza anayi. Pa azakhali, pomwe duku lakumana ndi chipumi, mwapeza imodzi kapena awiri. Mu Photoshop tsegulani `Filter > Blur > Gaussian Blur` pa leya ya azakhali, yambani ndi `Radius` ya 0.5, n'kumakweza pang'onopang'ono mpaka m'mbali mwawo mutenge mapikiseli anayi omwewo. Kawirikawiri mumaima chapafupi ndi 1. Mukafika pa 3 ndiye mwapitirira, kapena azakhali mwawaika pamalo olakwika.

M'mphepete momwe munadula namo mufewe mofanana. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Ena amasiya m'mphepete mwakuthwa ngati modula ndi lumo. Ena, poopa zimenezo, amafewetsa kwambiri mpaka munthu amaoneka ngati wazunguliridwa ndi nkhungu, mkati muli mwakuthwa. M'mphepete ndi mkati ziyenera kufewa muyeso umodzi, ndipo muyesowo ndi wa anthu oyandikana nawo. Kamzere kowala ka foni kaja kachotseni pobweza malire a chodulacho mkati ndi pikiseli imodzi kapena awiri.

Kuthwa kukatheka ndiye timabwera ku noizi, osati mosemphanitsa, chifukwa kufewetsa kumafafaniza timadontho tomwe mwangoika kumene. Pangani leya yatsopano pamwamba pa azakhali, muidzaze ndi `50% Gray`, ndipo muimangirire ku leya yawo ndi `Create Clipping Mask` kuti noizi igwere pa iwo okha. Mukaithira pa chithunzi chonse, anthu ena aja akhala ndi noizi yowirikiza ndipo kusiyana kukhalapobe. Kenako `Filter > Noise > Add Noise`, sankhani `Gaussian`, ndipo yambani ndi `Amount` ya 3%. Amene alibe Photoshop asadandaule: pulogalamu yaulere ya GIMP ili ndi `HSV Noise` ndi `RGB Noise` pansi pa `Filters > Noise`, ndipo maganizo ake ndi omwewa.

Timadontho ta kompyuta timatuluka tolakwika m'njira imodzi. Kalikonse ndi pikiseli imodzi ndendende, kakuthwa, pomwe ta kamera timakhala tokulirapo ndi tofewa, togundana m'timagulu. Choncho leya ya noiziyo imafunanso `Gaussian Blur` yochepa, ya 0.3 kufika 0.6. Ndikaona chithunzi chomwe munthu womatidwayo akuoneka ngati wathiridwa tsabola, ndimadziwa kuti sitepe imeneyi anaidumpha.

Nanga kabokosi kolembedwa `Monochromatic`? Yankho lili pa chithunzi choyambiriracho. Ngati pa suti ya mkwati mukuona timadontho totuwa tokha, ndiye kuti wojambula anachotsa kale noizi ya mitundu, ndipo muchonge kabokosiko. Ngati mukuona tofiirira ndi tobiriwira, pangani leya yachiwiri yosachonga, yofewetsedwa kwambiri kuposa yoyamba, popeza noizi ya mitundu imakhala ya zigawo zokulirapo. Kuti mutsimikize, tsegulani `Channels` n'kuona `Red`, `Green` ndi `Blue` payekhapayekha. Pa zithunzi za m'nyumba zojambulidwa ndi magetsi achikasu, `Blue` ndi amene amakhala ndi noizi yambiri, chifukwa kuwala kotere kuli ndi buluu wochepa ndipo kamera imamukulitsa kwambiri. Womatidwa amaonekera msanga kumeneko. Mu `Blue` anthu onse amakhala okhakhala, iye yekha ali see.

Pali mfundo imodzi yomwe ndimaiona kuti ndiyo imasiyanitsa katswiri ndi wongotsatira malangizo. Ambiri amaphunzitsidwa kuika leya ya noizi pa `Overlay`. Koma `Overlay` imagwira mwamphamvu pa zinthu zowala pakatikati, ndipo imafooka pa zakuda kwambiri ndi zoyera kwambiri. Zimenezi zimayenera chithunzi chakale chotsukidwa kuchokera ku filimu, chomwe gireni yake imaonekera kwambiri pakatikati pomwepo. Noizi ya kamera yamakono imaonekera kwambiri mu mdima. Mukagwiritsa `Overlay` pa chithunzi cha mu holo, nkhope ya azakhali ikhala bwino, koma siketi yawo yakuda ikhala yosalala pambali pa suti yokhakhala ya mkwati. Njira yake ndi kusankha `Linear Light`, yomwe imagwira mofanana pa zakuda ndi zowala, kutsitsa mphamvu yake, kenako kugwiritsa `Blend If` kuti noiziyo ichepe pa zoyera monga bulauzi.

Maso amatopa ndipo amazolowera, choncho ndi bwino kuyeza ndi nambala. Sankhani kachigawo kakang'ono kopanda makwinya pa suti ya mkwati. Pa `Histogram`, mukatsegula `Expanded View`, pali nambala yolembedwa `Std Dev`, yomwe imasonyeza momwe mapikiseli a m'kachigawoko akusiyanirana. Tinene yawerenga 4. Sankhani kachigawo kofanana kukula ndi kuda pa siketi ya azakhali. Ikawerenga 1.5, onjezani noizi. Ikawerenga 6, chepetsani. Bwerezani pa zoyera: diresi la mkwatibwi ndi bulauzi ya azakhali. Zigawo zake zikhale za mtundu umodzi wosasintha, apo ayi nambala ikuuzani za makwinya a nsalu m'malo mwa noizi.

Luso limeneli ndi la zithunzi za chikumbutso ndi zotsatsa malonda, zomwe eni ake akudziwa kuti zakonzedwa. Chithunzi cha nyuzipepala kapena cha umboni sichiwonjezeredwa munthu, ngakhale wina atakhoza bwanji.

Nthawi zina zinthu zimakhala mosemphana, ndipo apa m'pomwe luso limathera. Banja lili ndi chithunzi chabwino cha kamera, koma cha malemu n'chomwe chayenda pa WhatsApp kangapo. Chikatumizidwa mwa njira wamba chimachepetsedwa ndi kufinyidwa, ndipo mukachikulitsa mumaona timabokosi ta mapikiseli 8 m'litali ndi 8 m'lifupi, zipsera za kafinyidwe ka JPEG. Mukakulitsa munthuyo kuti akwane pa gulu, timabokosito timakula naye. `Reduce Noise` ingatifafanizeko, koma imapita ndi tsitsi ndi makwinya a nkhope, munthu n'kuoneka ngati chidole. Choyamba funsani ngati chithunzi chenichenicho chilipo pa foni yomwe inajambula, ndipo achitumize ngati `Document` kuti chisafinyidwe. Ngati ndi cha papepala, chisikanidwe pa 600 dpi, osati kuchijambula ndi foni.

Chikasowa chabwinoko, chomwe chatsala ndi kutsitsa chithunzi chonse cha gulu: kuchifewetsa pang'ono, kuthira gireni imodzi pa anthu onse, mwinanso kuchisandutsa chakuda ndi choyera kuti noizi ya mitundu isavutenso. Kasitomala auzidwe zimenezi ntchito isanayambe, pamodzi ndi kukula komwe chithunzicho chingasindikizidwe. Chomwe chikuoneka bwino pa kapepala ka mainchesi 4 kwa 6 chingathe kuonetsa zipsera zonse pa felemu yaikulu ya pabalaza, ndiye musanalipiritse, sindikizani kachigawo ka nkhope pa kukula kwenikweniko, muone limodzi.