Kulemba mawu otsanzikana ndi mnzanu wamanyazi

Mnzawo akamapuma pantchito kapena kusamutsidwa, anthu ambiri kuno kwathu amadziwa chochita. Amasonkha ndalama, amagula chitenje kapena malaya, amaitana woyendetsa mwambo, kenako mwini tsikulo amamukhazika kutsogolo kuti anthu avine ndi kumufupa. Ambiri zimenezi zimawasangalatsa. Koma alipo ena amene amangoti ndwii, maso pansi, kudikira kuti mwambo uthe. Munthu wotere amalandira bwino mawu olembedwa, malinga wolembayo adziwe kalembedwe kake.

Mwachitsanzo, mayi wina waphunzitsa Sitandade 8 kwa zaka zambiri pasukulu ya pulayimale ndipo tsopano akusamukira kuboma lina. Pamisonkhano ya aphunzitsi sayankhulayankhula, ndipo akamuyamikira pagulu amafulumira kusintha nkhani. Anzake agula khadi, ndipo woyamba kulembamo walemba kuti: “Munali mzati wa sukulu ino, palibe wina ngati inu, mwatisiyira dzenje lalikulu.”

Mawuwa ndi aulemu, koma ali ndi zovuta ziwiri. Choyamba, akhoza kulembedwa kwa aliyense, kaya mlonda kaya mphunzitsi wamkulu, osasintha kanthu. Munthu wamanyazi akawerenga matamando otere sadziona mʼmenemo, amangomva kuti amukweza pamwamba pa anzake, chomwe ndi chimene amachithawa. Chachiwiri, “munali” ndi “mwatisiyira dzenje” ndi mawu omveka pamaliro, pamene mayiyu akungopita kukagwira ntchito kwina.

Wolemba wodziwa amasiya kufotokoza kuti munthuyo ndi wotani, nʼkutchula chinthu chimodzi chimene anachita. Akhoza kulemba motere: “Mayi, pamene ndinkangoyamba ntchito munandibwereka mabuku anu okonzera maphunziro, ndipo munakhala nane masana onse kundionetsa kalembedwe ka sikimu. Mpaka lero ndimatsata njira yanu ija. Zikomo kwambiri. Muyende bwino, ndipo mukakhazikike bwino kumeneko.”

Ziganizo zinayi zokha, koma zili ndi zonse zofunika: chimene chinachitika, phindu lake kwa wolembayo, kuthokoza ndi mafuno abwino. Zimafika pamtima chifukwa zikusonyeza kuti ntchito imene mayiyu ankaigwira mwakachetechete wina anaiona. Komanso diso la nkhaniyo lili pa mabuku ndi pa wolembayo, choncho wowerengayo sakumva ngati amuimika pamaso pa anthu.

Pali njira yapafupi yoyesera uthenga usanaperekedwe. Wolemba abise dzina lapamwamba nʼkudzifunsa ngati anzake a pantchito angazindikire mwini wake. Ngati sangazindikire, ndiye kuti uthengawo ukusowa chochitika chenicheni.

Manyazi ake asatchulidwe nʼkomwe. Kulemba kuti “ngakhale simuyankhulayankhula” kapena “tikudziwa kuti izi simuzikonda” kumamuonetsa kuti anthu akhala akukambirana za khalidwe lake. Nthabwala zokumbutsa tsiku limene anasowa chonena pamsonkhano nazonso zimapweteka, ngakhale wolembayo atazilemba mwachikondi. Pomutchula, ndi bwino kutsata mmene amatchulidwira masiku onse. Ngati pasukulu amati “Mayi” kapena amamuitana ndi mfunda wake, monga Nabanda, pakhadi pakhalenso zomwezo, osati maudindo ataliatali amene sawamva tsiku ndi tsiku.

Kaperekedwe nako kakhoza kuononga uthenga wabwino. Pagulu la WhatsApp la aphunzitsi, mmodzi akalemba ena onse amatsatira, ndipo foni ya munthuyo imangolira tsiku lonse. Iye amaona kuti ayenera kuyankha aliyense, anthu onse akuwerenga. Khadi ya mu envelopu, yoperekedwa ndi mnzake wapamtima poweruka, imamupatsa mpata woiwerenga kunyumba ali yekha. Ngati olemba ndi ambiri, aliyense alembe chiganizo chimodzi kapena ziwiri za chimene iye akukumbukira. Ngati akuluakulu akufunabe chilengezo cha pagulu, chikhale chachifupi: tsiku lomaliza ntchito, kumene akupita ngati iye wavomera kuti kutchulidwe, ndi mawu othokoza. Khadi isawerengedwe mokweza iye asanafunsidwe, ndipo chithunzi chake chisatumizidwe pagulu popanda chilolezo chake.

Uthenga usamupatsenso ngongole. Mawu ngati “tikudikira mawu anu Lachisanu” amamusowetsa mtendere sabata yonse. Kuwonjezera kuti “musavutike ndi kuyankha” kumamumasula, ndipo nambala ya foni yolembedwa mʼmunsi imamulola kuimba nthawi imene iye wafuna.

Malire ake ndi akuti si aliyense wofatsa amene amadana ndi mwambo. Ena amafuna kutsanzikana ndi anzawo maso ndi maso, bola pakhale anthu ochepa ndipo pasakhale kumuimiritsa kuti ayankhule. Choncho musanagule khadi kapena kusonkhetsa ndalama, tumani mnzake wapamtima akamufunse pambali chimene iye angakonde, ndipo chimene wayankhacho muchitsate.