Mafunso ndi Mayankho pa Ngodya Zimene Sayini Wake Aposa Theka

Funso: Mphunzitsi akalemba pa bolodi kuti sin x > 1/2, nanena kuti x akhale pakati pa 0° ndi 360°, kodi afuna kuti wophunzira apeze chiyani?

Yankho: Afuna ngodya zonse, zazikulu ndi zazing'ono, zimene sayini wake aposa theka, ndipo popeza ngodyazo nzosawerengeka, tiyenera kuziona ndi maso tisanazilembe. Jambulani mkombero umene mtunda wochokera pakati pake kufika m'mphepete uli muyeso umodzi, mudutsitse mzere wopingasa pakati pake, ndipo muike kadontho m'mphepete kudzanja lamanja, pamene pali 0°. Kadonthoko kakamayenda m'mphepetemo mosemphana ndi mivi ya wotchi, msinkhu wake pamwamba pa mzere wopingasawo ndiwo sayini wa ngodya imene kazungulira. Msinkhuwo uyambira pa 0, nukwera kufikira 1 pa 90°, nutsikanso kufikira 0 pa 180°, ndipo kuchokera pamenepo kadontho kayenda kunsi kwa mzere kufikira katabwerera kumene kanachokera. Chotero funso la mphunzitsi litanthauza ichi: ndi liti pamene kadonthoko kali pamwamba koposa theka la muyeso?

Funso: Nanga malire a ngodyazo tiwapeza bwanji?

Yankho: Lembani mzere wina wopingasa pa msinkhu wa theka, ndipo mudzaona kuti udula mkombero pawiri, kumanja ndi kumanzere. Kumanja udula pa 30°, ndipo chifukwa chake nchoyenera kuchidziwa: mukatenga chithunzi cha mbali zitatu zofanana, chimene ngodya zake zonse zili 60°, n'kuchigawa pakati kuchokera kunsonga, ngodya ya kunsonga isanduka 30°, ndipo mbali yopenyana nayo ikhala theka la mbali yaitali. Kumanzere, popeza mkombero uli chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, mzerewo udula pamene patsala 30° kuti kadontho kafike pa 180°, ndiye kuti pa 150°. Chigawo cha mkombero chimene chili pamwamba pa mzerewo ndicho tichifuna, ndipo tilemba 30° < x < 150°. Owerenga m'maradiyani alemba π/6 < x < 5π/6. Malirewo eni ake sitiwalowetsa, pakuti pamenepo sayini angolingana ndi theka, osaliposa.

Funso: Makina owerengera andipatsa 30° pokha. Ndilakwa chiyani ndikalemba kuti x > 30°?

Yankho: Apa ndi pamene agwa ambiri, ngakhale ana anzeru amene, ndipo ine ndimva chisoni poona ntchito yabwino ikuonongeka pa mzere wotsiriza. Makina sanama, koma anapangidwa kuti apereke ngodya imodzi yokha, ya pakati pa −90° ndi 90°, m'chigawo chimene sayini angokwera osatsika. Za ngodya ya kumanzere ija sakuuzani kanthu. Wolemba x > 30° aganiza kuti ngodya ikamakula sayini akula nayo nthawi zonse, pamene mkombero watisonyeza kuti kadontho kakapitirira 90° kayamba kutsika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: yesani yankho lanu musanalipereke. Tengani 180°, imene iposadi 30°. Sayini wake ndi 0, ndipo 0 saposa theka, kotero yankholo lagwa. Tengani 90° m'kati mwa malire athu. Sayini wake ndi 1, ndipo yankho laima.

Funso: Kodi malire amene mphunzitsi waika angasinthe yankho?

Yankho: Angalisinthe ndithu, chifukwa kadontho kakatha ulendo umodzi kayamba wina, ndipo chigawo chomwecho chibweranso pa 360° iliyonse. Mphunzitsi akati x akhale kuyambira 90° kufikira 450°, malirewo ali momwemo, kadontho kayamba kali kale pamwamba, katsika pa 150°, ndipo kakweranso kupitirira theka pa 390°, ndiyo 30° kuonjeza 360°. Yankho likhala la zigawo ziwiri: 90° ≤ x < 150°, ndi 390° < x ≤ 450°.

Funso: Nanga akalemba sin 2x > 1/2, x ali pakati pa 0° ndi 360°?

Yankho: Pamenepo chozungulira mkombero ndi 2x, ndipo x akamachoka pa 0° kufikira 360°, 2x achoka pa 0° kufikira 720°, ndiwo maulendo awiri athunthu. Pa ulendo woyamba 2x akhala pakati pa 30° ndi 150°, pa wachiwiri pakati pa 390° ndi 510°. Mutapeza zigawo zonse ziwirizo, pamenepo mugawe ndi 2, ndipo mupeza 15° < x < 75° ndi 195° < x < 255°. Wofulumira kugawa asanazungulire kachiwiri apeza chigawo choyamba chokha. Koma akayesa 225°, adzaona kuti 2x ali 450°, pamene kadontho kali pansonga pa mkombero ndipo sayini ali 1.