Malata Opyapyala: Mmene Kalata Yodandaula kwa Wogulitsa Imalembedwera

Kalata yodandaula za malata imalembedwa pamene womanga nyumba walipira malata a makulidwe ena, koma galimoto yatsitsa opyapyala kuposa amene anagwirizana ndi wogulitsa. Vutoli silionekera msanga, chifukwa lata la mamilimita 0.40 ndi la mamilimita 0.30 amafanana utali, mtundu ndi mizere. Nthawi zambiri woyamba kukayikira amakhala mmisiri, akaona lata likupindika m'manja polinyamula kapena likubonyoka akalipondapo. Koma mawu oti "malatawa akuoneka opepuka" sathandiza pa kauntala ya sitolo, pakuti wogulitsa amangoyankha kuti malata a masiku ano ndi otero. Kalata imakhala ndi mphamvu ikasonyeza manambala awiri, la chimene chinagulidwa ndi la chimene chinabwera, ndiponso ikafika kwa wogulitsa malatawo asanakwere padenga.

Chisokonezo chimayambira pa mawu oti geji. M'masitolo a zipangizo zomangira anthu amatchula geji 28, geji 30 kapena geji 32, ndipo nambala ikamakwera lata limapyapyala: geji 28 ndi lochindikala kuposa geji 32. Vuto ndi loti opanga malata sagwirizana onse kuti geji iliyonse ndi mamilimita angati, kotero malata awiri otchedwa geji 28 atha kusiyana ndithu. Palinso kusiyana kwa kayezedwe. Ena amatchula makulidwe a chitsulo chokha, ena amawerengera pamodzi ndi zinki ndi penti zimene zakutira chitsulocho. Wogula amene lisiti lake langolembedwa kuti "malata 60" ali pamavuto, amene lake lili ndi geji ali bwinoko, koma amene kotesheni ndi lisiti lake zatchula mamilimita ndiye ali ndi pogwira penipeni.

Tiyerekeze munthu amene akumanga nyumba ku Lilongwe. Wagula malata 60 a mtundu wa IBR, aatali mamita 3.6, ndipo pa lisiti palembedwa kuti ndi a mamilimita 0.40. Asanalembe chilichonse amafunika umboni, ndipo umboniwo umapezeka m'njira zitatu zimene zimathandizana.

Yoyamba ndi kutembenuza lata. Opanga ambiri amadinda kunsi kwake dzina la kampani ndi makulidwe, ndipo chidindocho chikanena 0.30 nkhani yatha kale. Malata ena sakhala ndi chidindo, ndipo nachonso ndi choyenera kuchitchula m'kalata. Yachiwiri ndi kuyeza ndi maikulomita, kachipangizo kopana chitsulo kamene amisiri a zitsulo ndi okonza mainjini amakhala nako. Tepi kapena rula sizingathe ntchitoyi. Poyeza amasankha malo athyathyathya pakati pa mizere, kulowa mkati pang'ono kuchokera podulidwa, chifukwa m'mphepete mumakhala kachitsulo kotukuka kamene kamanamiza muyeso. Amayeza malo atatu pa lata lililonse, ndipo malatawo amawatenga pamwamba, pakati ndi pansi pa mulu, poti zimachitika kuti apamwamba ndi abwino pamene opyapyala ali mkati. Kusiyana kwa 0.01 kapena 0.02 ndi kwa nthawi zonse popanga malata ndipo si chifukwa chodandaulira. Kusiyana kwa 0.10 ndi nkhani ina.

Njira yachitatu ndi sikelo, ndipo ndi imene aliyense angaikwanitse, ngakhale kumudzi, pobwereka sikelo yopachika ya ogula mbewu. Chitsulo chotalika mita imodzi, chotambalala mita imodzi, chochindikala milimita imodzi chimalemera makilogalamu 7.85. Lata la IBR nthawi zambiri limapindidwa kuchokera ku chitsulo chotambalala mamilimita 925, choncho la mamita 3.6 likakhala la 0.40 liyenera kulemera pafupifupi makilogalamu 10.5. La 0.30 limalemera pafupifupi 7.8. Kusiyanako ndi makilogalamu oposa awiri ndi theka pa lata limodzi, ndipo pa malata 60 chitsulo chosowa chimapitirira makilogalamu 150. Kunena kwina, gawo limodzi mwa magawo anayi a chitsulo chimene wogula analipira silinafike pamalopo. Poyeza pamafunika mboni, monga mmisiri ndi munthu wina wosakhala wachibale, komanso zithunzi zoonetsa nambala ya pa sikelo ndi lata lili pomwepo.

Chitsulo chosowacho chimaonekera padenga pakapita nthawi. Mmisiri amatalikitsa mapulanga okhomapo malata molingana ndi makulidwe amene anauzidwa, ndiye lata lopyapyala pa mapulanga otalikirana limafwamphuka pakati, madzi n'kumaima. Mphepo ya mkuntho imalikoka mpaka bowo la msomali kukula, ndipo denga limayamba kudontha kapena kusasuka. Dzimbiri nalo likangoyamba silichedwa kuboola. Izi zikhoza kutchulidwa m'kalata m'chiganizo chimodzi, koma sizofunika kuzitalikitsa. Wogula sakakamizidwa kutsimikiza kuti malatawo ndi oipa. Chimene akunena n'chakuti si amene anagula.

Apa ndi pamene lamulo limalowera. Ku Malawi lamulo la Sale of Goods Act limati katundu wogulitsidwa potchula mmene alili ayenera kufanana ndi zimene zinatchulidwazo, ndipo akapanda kufanana wogula ali ndi ufulu womukana. Lamulo lomwelo lili ndi mbali imene ambiri saidziwa. Wogula amatengedwa kuti walandira katundu ngati wamusunga nthawi yaitali osauza wogulitsa kuti akumukana, kapena ngati wamugwiritsa ntchito monga mwini wake. Kudula malata ndi kuwakhoma ndi kugwiritsa ntchito kotero. N'chifukwa chake ntchito ya denga imayenera kuima tsiku lomwelo, ngakhale mitambo itayamba kuda ndipo mmisiri akufulumira kupita ku ntchito ina. Malatawo amasungidwa pouma, pamwamba pa mapulanga, popeza malata ounjikidwa akanyowa amachita mawanga oyera, ndipo wogulitsa atha kukana kuwalandira ponena kuti awonongekera kwa wogula.

Kalatayo imayenera kukwana tsamba limodzi, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, ndipo imapita kwa mwini sitolo kapena manijala, osati kwa mnyamata wa pa kauntala kapena dalaivala. Pamwamba pamakhala keyala ya wolemba, nambala ya foni, tsiku, ndi mutu wotchula nambala ya lisiti. Thunthu lake, pa chitsanzo chija, lingakhale lotere:

"Bwana, pa 6 Meyi ndinagula m'sitolo mwanu malata 60 a IBR, aatali mamita 3.6, a makulidwe a mamilimita 0.40, monga zalembedwera pa lisiti limene ndaphatikiza. Galimoto yanu inatsitsa malatawo pa 8 Meyi. Pa 9 Meyi tinayeza malata khumi, mmisiri wanga ndi mboni ina alipo. Onse anapezeka a mamilimita 0.30, ndipo lililonse likulemera pafupifupi makilogalamu 7.8 m'malo mwa 10.5. Malata amenewa si amene ndinalipira, choncho ndikuwakana. Sanadulidwe kapena kukhomedwa, ndipo ali pamalo pamene munawatsitsa. Muli omasuka kutumiza munthu wanu kuti adzayeze yekha. Ndikupempha kuti pofika pa 16 Meyi mudzatenge malatawa pa ndalama zanu ndi kubweretsa a mamilimita 0.40, kapena mundibwezere ndalama zonse pamodzi ndi za thiransipoti. Tsikulo likadutsa, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe la CFTC."

M'kalatamu mulibe mawu oti wogulitsa ndi wakuba kapena kuti wachita chinyengo, ndipo n'zadala. Zitheka kuti ogwira ntchito kosungira katundu anatenga mulu wolakwika, zithekanso kuti mwini sitolo naye ananamizidwa ndi amene anamuoda. Kalata yopanda chipongwe imamupatsa mpata wokonza zinthu osachita manyazi, ndipo ikadzafika kwa oweruza imaonetsa wolemba ngati munthu wodekha. Mawu oti "ndikuwakana" ndi ofunika kwambiri, pakuti kudandaula chabe n'kosiyana ndi kukana katundu. Tsiku lomaliza liyenera kukhala deti lenileni, chifukwa "posachedwa" wa wogulitsa atha kufika mvula itagwa kale. Ndipo pempho liyenera kukhala lomveka. Kalata yongofotokoza mkwiyo, yosanena chimene wolemba akufuna, imayankhidwa ndi kupepesa basi.

Pamodzi ndi kalata pamapita mafotokope a kotesheni, lisiti, chikalata cholandirira katundu ndi zithunzi. Mapepala enieni amatsala kwa wogula. Kalata imalembedwa ziwiri, ndipo wolandira kusitolo amasayina ndi kudinda imene ikubwerera, n'kulembapo tsiku. Akakana kusayina, wopereka amalemba yekha tsiku ndi nthawi pamaso pa mboni, n'kutumizanso chithunzi cha kalatayo pa foni ya sitolo.

Yankho limene ogulitsa amakonda ndi loti wogula anasayina chikalata cholandirira katundu. Kusayinako nthawi zambiri kumangotsimikiza kuti malata 60 afika, ndipo lamulo limapatsa wogula mpata wokwanira woti aone bwino katundu, makamaka pa chinthu chosaoneka ndi maso ngati makulidwe. Komabe ndi nzeru kulemba pambali pa siginecha kuti makulidwe sanayezedwe. Yankho lina ndi loti "geji 28 yathu ndi yomweyo". Ngati lisiti lili ndi geji yokha, wogula amafunika kusonyeza zimene analonjezedwa kudzera m'mauthenga a pa foni, chikwangwani cha mitengo, kapena lata lachitsanzo limene anamuonetsa m'sitolo.

Wogulitsa akakhala chete, kalata yachiwiri imapita ku CFTC, bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene limalandira madandaulo a ogula, ndipo kalata yoyamba ija imaphatikizidwa. Bungwe la MBS, loona za miyezo ya katundu, ndilo loyenera kuuzidwa ngati chidindo cha pa lata chikunena zosiyana ndi makulidwe enieni, chifukwa pamenepo vuto lili kwa wopanga kapena woitanitsa malatawo, ndipo likukhudza ogula ambiri. Bungwe la CAMA, loimira ogula, limathanso kuthandiza, ndipo khoti la majisitireti ndi njira yotsiriza.

Ngati zadziwika malata atakhomedwa kale, kuwabweza kumavuta, koma ufulu wofuna chipukuta misozi umakhalapobe. Kalata yake imasintha pempho: m'malo mokana katundu, wolemba amafuna kubwezeredwa kusiyana kwa mtengo wa malata a 0.40 ndi a 0.30 pa tsiku limene anagula, kuphatikizapo ndalama za mapulanga owonjezera ngati mmisiri waona kuti denga likufunika kulimbitsidwa. Umboni umachokera ku zidutswa zotsala podula ndi ku mbali ya malata yotulukira kukhonde, kumene maikulomita imatha kupana popanda kuzula msomali.